Kanema wa dashikamu ngati umboni: kusunga, kupereka ndi kulemekeza amene ajambulidwa

Galimoto ziwiri zikawombana, nkhani zimakhalanso ziwiri. Uyu akuti mnzake ndiye analowa mumsewu osayang'ana, winayo akuti ayi, uyu amathamanga. Anthu amene amadzaza pamalopo ambiri amakhala kuti anangomva phokoso, anatembenuka zinthu zitachitika kale. Wapolisi wa pamsewu akafika amayeza mikwasa ya matayala, nkuona pamene galimoto zaphwanyika, koma zimenezi nthawi zina zimagwirizana ndi nkhani zonse ziwiri. Nchifukwa chake madalaivala ambiri masiku ano akumata kamera yaing'ono, yotchedwa dashikamu, pa galasi la kutsogolo kuti izijambula msewu nthawi yonse imene injini ikulira.

Koma kukhala ndi kamera ndi kukhala ndi umboni ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kanema amakhala umboni wamphamvu ngati wafika kwa wapolisi, kwa a inshulansi kapena kwa woweruza ali wathunthu, ali monga mmene kamera inamulembera, ndipo pali munthu amene angafotokoze kumene wadutsa. Makanema ambiri amatha mphamvu asanafike nkomwe kukhothi, ndipo amene amawawononga ndi eni ake, patangotha maola ochepa ngozi itachitika.

Kamera imafufuta yokha

Choyamba kudziwa nchakuti dashikamu siisunga zonse zimene yajambula. Imadula kanema m'tizidutswa ta mphindi 1, 3 kapena 5, nkumalemba pa kamemore khadi. Khadi ikadzaza, kamera imabwerera poyamba nkuyamba kulemba pamwamba pa tizidutswa takale. Kamera wamba yojambula zooneka bwino imadya pafupifupi mamegabaiti 100 pa mphindi, choncho khadi ya magigabaiti 32 imasunga maola asanu basi, ndipo ngati pali kamera ina yoyang'ana kumbuyo, maolawo amatsala pafupifupi theka. Munthu amene wachita ngozi ku Dedza m'mawa, nkupitiriza ulendo mpaka ku Blantyre, nkumazungulirabe mu tauni madzulo, akhoza kufika kunyumba kanema wa ngoziyo atafufutika kale.

Makamera ambiri ali ndi kachipangizo komva kugwedezeka. Galimoto ikagundidwa, kamatseka chidutswa cha nthawi imeneyo nkuchiika mu foda yapadera, imene pa makamera ena imalembedwa `Event`, pa ena `RO` kapena `EMR`. Koma si bwino kukadalira kwambiri. Kukhudzana pang'ono ndi njinga ya kabaza mwina sikungakadzutse. Komanso pa misewu ya maenje kamadzuka pafupipafupi, foda ija nkudzaza ndi makanema opanda ntchito. Ndipo ngakhale katagwira bwino, kamateteza chidutswa chimodzi kapena ziwiri, pamene mphindi zisanu za m'mbuyo, zosonyeza mmene munkayendetsera ngozi isanachitike, zimakhalabe pa mzere wofufutidwa.

Ndiye dongosolo lake ndi ili. Anthu ayambe: onani ovulala, ikani zizindikiro pamsewu, itanani thandizo. Zimenezi zikatheka, dinani batani lotsekera kanema, muzimitse kamera podina batani lake, ndipo mudikire ithime kaye musanatulutse khadi. Kusolola khadi kamera ikulemba kungawononge fayilo yomalizira, yomwenso ikhoza kukhala imene muli ngoziyo. Ngati batire ya galimoto inaduka pa kuwombanako ndipo fayilo yomaliza ikukana kutseguka, musaifufute ndipo musavomere kompyuta ikakufunsani kuti ikonze kapena kufomata khadi. Akatswiri nthawi zambiri amatha kuibweza ngati palibe chimene chalembedwa pamwamba pake. Galimoto ikamakokedwa kupita ku polisi kapena ku galaja, khadi isapite nayo ili mu kamera, chifukwa makaniko akangoliza injini, kamera iyambanso kujambula.

Zimene kanema amanena, ndi zimene sanena

Tiyerekeze ngozi ya mtundu umene umachitika kawirikawiri pa msewu wa M1. Mayi wina akuyendetsa galimoto yaing'ono kudutsa pa malo a malonda pamene chikwangwani chikuti 50. Minibasi imene inaima kumanzere kukweza anthu yalowa mumsewu mwadzidzidzi, mayiyo nkuigunda chakumbuyo, mbali ya kumanja. Dalaivala wa minibasi akuti anali atalowa kale mumsewu ndipo anayatsa indiketa. Kondakitala akuvomereza. Popanda kanema, mayiyu ali pa vuto, pakuti anthu ambiri amangoti wogunda kumbuyo ndiye wolakwa.

Kanema akusintha nkhani. Kamera yake imajambula zithunzi 30 pa sekondi iliyonse, ndipo munthu akhoza kuziyendetsa chimodzichimodzi pa kompyuta. Kuchokera pa chithunzi chimene tayala la minibasi likudutsa mzere wa m'mbali mwa msewu kufika pa chithunzi cha kuwombana, pali zithunzi 45. Ndiye kuti panadutsa sekondi imodzi ndi theka. Mu zithunzi zonsezo indiketa siikuthwanima. Apa mawu a dalaivala ndi kondakitala agwa.

Koma m'munsi mwa kanema yemweyo muli nambala ina: liwiro la mayiyo linali 60, osati 50. Pa liwiro la 60 galimoto imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi, choncho minibasi inalowa mumsewu ili pa mtunda wa mamita 25 kutsogolo kwake. Munthu watcheru amatenga pafupifupi sekondi imodzi kuti aone ngozi ndi kuponda buleki. Mu sekondi imeneyo mayiyu anayenda mamita 17, nkutsala ndi 8 okha oti buleki igwirepo, ndipo pa phula louma ndiye kuti anagunda akadali pa liwiro la pafupifupi 45. Akanakhala pa 50, akanayenda mamita 14 asanaponde buleki, nkutsala ndi 11. Akanagundabe mwina, koma pa liwiro losapitirira 25. Kuwerengera kumeneku nkwa pamwambamwamba, katswiri angaonjezepo kayendedwe ka minibasiyo ndi mmene matayala analili, koma kukusonyeza zimene a inshulansi ya minibasi adzanene: wathu analakwa, inde, koma liwiro la mayiyu linakulitsa ngozi. Pa milandu ya chipukutamisozi khothi limatha kugawa cholakwa pakati pa awiriwo, ndipo ndalama zimene wodandaula angalandire zimatsika molingana ndi gawo lake.

Kamera ilibe mbali. Imajambula mwini wake mofanana ndi wina aliyense, ndipo ngati maikolofoni inali yoyatsa, yajambulanso foni imene ankalankhulapo. Apa mpamene ena amayesedwa kudula masekondi amene akuwakomera, kapena kutaya khadi. Kanema wodulidwa amadziwika msanga, chifukwa mafayilo a kamera amakhala ndi manambala otsatizana, nthawi yotsatizana ndi utali wofanana, moti loya wa mbali ina adzafunsa kumene kwapita chidutswa cha m'mbuyo. Kuwononga dala chinthu chimene ukudziwa kuti chifunika ngati umboni ndi mlandu paokha ku Malawi, monganso ku maiko ambiri, ndipo ungathe kukula kuposa mlandu wa pamsewu umene munthu amauthawa. Amene waona kuti kanema akumuvulaza, makamaka ngati pafa munthu, asunge khadi momwe ilili ndipo aonane ndi loya.

Palinso malire ena ofunika kuwadziwa. Diso la dashikamu ndi lotambasuka kwambiri kuti lione msewu wonse, ndipo zimenezi zimachititsa kuti zinthu zioneke ngati zili kutali kuposa mmene zilili. Woonera akhoza kuganiza kuti dalaivala anali ndi mpata waukulu, pamene analibe. Nchifukwa chake ndi bwino kujambula malowo ndi foni ndi kuyeza mtunda pakati pa zinthu zosasuntha, monga chikwangwani ndi polo ya magetsi, kuti zithunzi za mu kanema zikhale ndi poyezera. Liwiro lolembedwa pa kanema limachokera ku masetilaiti, ndipo pa makamera ambiri limasintha kamodzi pa sekondi, choncho limatsalira pang'ono galimoto ikamaima mwadzidzidzi. Usiku nambala za galimoto zimawala mopitirira nkusawerengeka, ndiye ngati wogunda akuthawa, itchuleni nambalayo mokweza kuti maikolofoni iimve. Ndipo kamera yoyang'ana kutsogolo siiona chimene chachokera m'mbali kapena kumbuyo, ndiponso siisonyeza kumene maso a dalaivala anali.

Vuto limene limapezeka kwambiri ndi la nthawi. Kamera zambiri zimabwera wochi yake ili pa nthawi ya kumene zinapangidwa, ndipo nthawi ya ku China ili patsogolo pa yathu ndi maola 6. Zina kabatire ka mkati kakatha zimabwerera ku deti la ku fakitale. Kanema wa deti lolakwika satayidwa chifukwa cha zimenezo zokha, koma amapatsa mbali ina pokanira. Mukaona kuti wochi ndi yolakwika, musathamangire kuikonza. Jambulani sikirini ya kamerayo pafupi ndi foni yosonyeza nthawi yeniyeni, ndipo kusiyanako mukutchule mu sitetimenti yanu.

Kupereka kanema

Lamulo la pamsewu limafuna kuti ngozi ikanenedwe ku polisi msanga. Ku South Africa ndi ku Britain malire ake ndi maola 24 pa ngozi zoyenera kunenedwa, ndipo kuno kwathu a inshulansi kawirikawiri safuna kumva nkhani popanda lipoti la polisi. Auzeni apolisi pa tsiku loyamba lomwelo kuti muli ndi kanema, ndipo zilembedwe mu sitetimenti. Kanema wotulukira patatha miyezi amadzutsa mafunso amene akanapeweka.

Musanapereke, pangani makope. Ikani khadi mu adaputala yake, mutsitse kaloko ka m'mbali koletsa kulembapo, kenako mukopere zonse za m'khadi ku kompyuta, osasintha dzina la fayilo ngakhale limodzi. Kope imodzi ikhale pa kompyuta, ina pa fulashi. Khadi yeniyeni muiike mu emvulopu, mulembepo deti, malo a ngozi, nambala ya galimoto ndi mtundu wa kamera, ndipo mu kamera muike khadi ina.

Pali njira yosavuta yotsimikizira kuti kope ndi yofanana ndi fayilo yoyamba. Kompyuta imatha kuwerenga fayilo yonse nkutulutsa mzere wa zilembo ndi manambala 64 umene umasinthiratu fayiloyo ikangokhudzidwa ngakhale pang'ono. Pa Windows mumalemba motere, nkuika dzina la fayilo yanu:

```
certutil -hashfile 0412_0007.MP4 SHA256
```

Lembani mzere umene watulukawo pa pepala lokhala ndi deti, ndipo muupereke pamodzi ndi kope. Wina akadzati kanemayu anakonzedwa, aliyense angabwereze lamulo lomwelo pa khadi yoyamba nkuyerekeza.

Chimene chimawononga makanema ambiri ndi kutumizirana pa foni. Kanema akatumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse amafinyidwa kuti achepe: nambala ya galimoto imene inkawerengeka imasanduka mbuu, indiketa yofooka siionekanso, ndipo uthenga wobisika mu fayilo, monga wa malo ndi liwiro, ukhoza kutayika. Kujambula sikirini ya kamera ndi foni nkoipa kuposa pamenepo. Wapolisi kapena wa inshulansi akafuna kuona mwachangu, tumizani posankha `Document`, pakuti njira imeneyo siifinya, koma kope ya pa fulashi ipitebe. Perekani chidutswa cha ngozi pamodzi ndi cha m'mbuyo ndi cha patsogolo pake.

Nthawi zina apolisi amafuna khadi yeniyeniyo, makamaka pa ngozi imene yapha munthu. Musalimbane nawo. Pemphani kuti mukopere kaye ngati nkotheka, ndipo mulembe dzina ndi nambala ya wapolisi amene walandira, siteshoni yake, deti ndi nambala ya nkhaniyo, ndi kupempha kuti zilembedwe kuti khadi yalandiridwa. Chimene khothi limafuna kudziwa pa umboni wa mtunduwu ndi chimodzimodzi pafupifupi kulikonse: unapangidwa bwanji, unasungidwa bwanji, ndani anaugwira. Lamulo la Malawi la 2016 loona za ntchito za pa intaneti ndi chitetezo chake, monganso la South Africa la 2002, limalola umboni wa pa makina ndipo kulemera kwake kumadalira mafunso amenewa. Choncho yembekezerani kuti mukhoza kuitanidwa kukhothi kukanena kuti kamera ndi yanu, inali pa galimoto yanu tsiku limenelo, ndipo simunasinthe kanthu.

Amene amakhala ku Britain adzapeza kuti kumeneko njira ndi yokhazikika kale. Apolisi a madera ambiri amalandira makanema pa intaneti kudzera mu ndondomeko yotchedwa Operation Snap, imene inayambira ku Wales, ndipo amalandira ngakhale ochokera kwa munthu amene anangoona kuyendetsa koopsa. Zimene amafuna nzomwe tanenazi: kanema wosadulidwa, wosonyeza nthawi pang'ono m'mbuyo ndi patsogolo, wosaikidwa pa masamba a mchezo, ndi mwini wake wokonzeka kuchitira umboni. Amafunanso kuti atumizidwe pasanathe masiku ambiri, chifukwa pa milandu yambiri ya pamsewu lamulo la kumeneko limapatsa apolisi masiku 14 okha kuti adziwitse mwini galimoto kuti akhoza kuimbidwa mlandu.

Anthu ena onse a mu kanema

Pa ulendo umodzi dashikamu imajambula anthu mazanamazana amene sanafunsidwe: ana a sukulu, amayi a pa msika, galimoto itaima pa nyumba imene mwini wake sakanafuna kuti idziwike. Gawo 21 la Malamulo Aakulu a dziko la Malawi limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo kuyambira 2024 kuli lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, limene bungwe la MACRA limayang'anira. Nkhope ndi nambala ya galimoto ndi uthenga wotero, chifukwa zimaloza munthu.

Mlandu umene unaunika bwino nkhaniyi unagamulidwa ku Germany pa 15 Meyi 2018 ndi khothi lalikulu la apilo ku Karlsruhe. Galimoto ziwiri zinakhudzana mumzinda wa Magdeburg zikukhota pamodzi, iliyonse mu mzere wake, ndipo aliyense ankati mnzake ndiye anatuluka mu mzere. Katswiri anati nkhani zonse ziwiri nzotheka. Mmodzi anali ndi kanema, koma makhothi awiri a m'munsi anakana kumuonera, ponena kuti anajambulidwa mophwanya lamulo la chinsinsi, ndipo mwini kanemayo anapatsidwa theka lokha la zimene ankafuna. Khothi lalikulu linavomereza kuti kujambula msewu wonse mosalekeza popanda chifukwa kunaphwanyadi lamulo, koma linati zimenezo sizikutanthauza kuti kanemayo sangakhale umboni pa mlandu wa chipukutamisozi. Linaganizira kuti zinthuzo zinachitikira pamsewu pamene aliyense amaona, kuti ngozi za pamsewu zimachitika mwachangu moti umboni umasowa, ndiponso kuti wochita ngozi amayenera kale kupereka dzina lake ndi zikalata zake. Linanenanso kuti njira yabwino ndi kamera yojambula tizidutswa tatifupi tofufutika tokha, nkusunga chokhacho cha nthawi ya ngozi.

Chigamulochi nchaku Germany ndipo sichimanga makhothi athu, koma chimasiyanitsa zinthu zitatu zimene nafenso tiyenera kusiyanitsa: kujambula, kusunga ndi kufalitsa. Kujambula msewu kuti udziteteze, kanema nkumafufutika yekha, sikupweteka munthu kwenikweni. Kusunga kumafuna chifukwa, ndipo ngozi ndi chifukwa chokwanira. Kupereka kwa apolisi, a inshulansi, loya ndi khothi ndiyo ntchito imene kamera inagulidwira. Kufalitsa ndi kwina.

Kanema wa ngozi akalowa m'magulu a pa foni sabwezeka. Achibale amaona thupi la mwana wawo pa sikirini uthenga wa maliro usanawafike mwa mwambo wake, ndipo ameneyu ndi mtundu wa nkhanza umene wotumizayo sanauganizire. Dalaivala amene nkhope ndi nambala yake zafalitsidwa amaweruzidwa ndi anthu pa masekondi khumi, ndipo tikudziwa zimene gulu lokwiya limachita. Ngati mawu amene mwalemba pansi pa kanemayo si oona, akhoza kukusumirani chifukwa chomuipitsira mbiri. Ndipo mlandu wanu womwe umafooka, pakuti mboni imene yaonera kanema kakhumi siithanso kusiyanitsa zimene inaona ndi maso ndi zimene inaona pa foni, ndipo loya wa mbali ina adzaifunsa zimenezo. Ngati wogunda anathawa ndipo pakufunika kuti anthu athandize kumupeza, asiyireni apolisi kuti asankhe chimene chingatulutsidwe.

Mawu a m'kati mwa galimoto ndi nkhani yapadera. Msewu ndi wa aliyense, koma zokambirana za m'galimoto ndi za amene alimo. Wonyamula achibale kapena anzake awauze kuti kamera imamva. Woyendetsa takisi kapena minibasi, ndi kampani imene yaika makamera m'galimoto zake, ali ndi udindo wokulirapo, chifukwa malamulo oteteza chinsinsi amamasukira munthu wochita za iye yekha ndi banja lake, osati wa bizinesi. Iwowa aike chidziwitso chooneka, adziwitse madalaivala awo, asankhe munthu mmodzi wololedwa kutsegula makanema, ndipo akhale ndi nthawi yofufutira amene alibe ntchito. Ngati palibe chifukwa chenicheni chojambulira mawu, maikolofoni ikhale yozimitsa, nkuiyatsa pokhapokha pakachitika kanthu.

Ngoziyo isanafike

Zambiri mwa zimenezi zimadalira zinthu zochitika kale m'mbuyo, ngozi isanaganiziridwe. Makhadi otchipa a m'misika ena amalembedwa kuti ndi aakulu pamene mkati ndi aang'ono, ndipo kamera imaoneka ngati ikujambula koma mafayilo ake satseguka. Ngakhale khadi yabwino imatopa ndi kulembedwa tsiku ndi tsiku mu kutentha kwa galasi la kutsogolo, choncho gulani yopangidwira kujambula kosalekeza, imene pa paketi imalembedwa `High Endurance`. Kamodzi pa mwezi tulutsani khadi, mutsegule kanema wa dzulo, muone ngati deti ndi nthawi nzolondola, ngati nambala za galimoto zikuwerengeka, ndiponso ngati diso la kamera silinapendekere kumwamba. Kameranso imatidwe kuseri kwa galasi loonera kumbuyo, pamene siikutchingirani msewu. Ndipo m'galimoto muzikhala khadi yachiwiri, kuti pa tsiku la ngozi muthe kutulutsa yoyamba ija nkuisunga pomwepo, m'malo mopitiriza nayo ulendo uku ikufufuta umboni wanu.